Kazungulidwe ka katundu ndi masiku a sitoko m'golosale: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene eni magolosale ndi masitolo a ku Dedza ndi ku Ntcheu amafunsa kawirikawiri akakhala pansi ndi munthu wowathandiza kulemba mabuku a ndalama. Mayankho onse akutsatira golosale imodzi yongoyerekeza, ya pa Lizulu m'mbali mwa msewu wa M1, imene mwini wake amapikula katundu ku Lilongwe. Ndalama zimene zatchulidwa ndi zophunzirira masamu chabe, si mitengo ya lero ya pamsika.

1. Kodi kazungulidwe ka katundu n'chiyani?

Ndi nambala yosonyeza maulendo amene katundu wa m'sitolo wagulitsidwa n'kubwezeretsedwa pa nyengo inayake, imene kawirikawiri imakhala chaka chimodzi. Ngati nthawi zambiri m'sitolo mumakhala katundu wa K1,000,000, ndipo pa chaka chonse mwagulitsa katundu amene munamupikula ndi K6,000,000, ndiye kuti mpamba umene uli m'mashelefu watuluka n'kubwereranso maulendo 6. Sizikutanthauza kuti sitolo inakhalapo yopanda kanthu kasanu ndi kamodzi ayi, chifukwa katundu amalowa ndi kutuluka tsiku ndi tsiku; nambalayi imangoyerekeza kuchuluka kwa katundu wotuluka ndi kuchuluka kwa katundu wokhala m'shelefu.

Odziwa zowerengera ndalama amaitchula nambalayi kuti tenova ya katundu. Mawu omwewo a tenova amagwiritsidwanso ntchito pa nkhani za msonkho potanthauza ndalama zonse zimene bizinesi yagulitsa pa chaka, ndipo zinthu ziwirizi n'zosiyana. Ya msonkho imanenedwa m'makwacha, pomwe imene tikukamba pano imanenedwa m'maulendo.

2. Ndiyenera kukhala ndi ziwerengero ziti, ndipo ndizipeza kuti?

Pakufunika zitatu: mtengo wa katundu amene anali m'sitolo poyamba nyengoyo, ndalama zonse zimene munapikulira katundu m'kati mwa nyengoyo, ndi mtengo wa katundu amene watsala pomaliza. Choyamba ndi chachitatu zimapezeka powerenga sitoko, kutanthauza kutseka chitseko n'kuwerenga chinthu chilichonse cha m'shelefu, cha m'chipinda chosungira katundu, ngakhale makatoni amene munaika kunyumba chifukwa chosowa malo. Chachiwiri chimachokera m'malisiti a ku holoselo ndi m'kope lolemba zopikula.

Zonsezi ziwerengedwe pa mtengo wopikulira, osati wogulitsira. Ndalama zonyamulira katundu kuchokera ku Lilongwe kufika pakhomo la sitolo, pamodzi ndi za anyamata okweza ndi kutsitsa, zimaphatikizidwa pa mtengo wopikulira, chifukwa popanda ndalamazo katunduyo sakanafika m'shelefu. Lendi, magetsi ndi malipiro a wogulitsa sizilowamo. Amene analembetsa msonkho wa VAT ku MRA ndipo amabwezeredwa umene analipira popikula, awerenge mitengo yopanda msonkhowo. Amene sanalembetse awerenge ndalama zonse zimene zili pa lisiti, pakuti kwa iye msonkhowo ndi mbali ya mtengo wa katundu.

3. Kuwerengera kwake kumayenda bwanji?

Pali masitepe atatu. Loyamba ndi kupeza mtengo wopikulira wa katundu amene watuluka, lachiwiri ndi kupeza avareji ya katundu wokhala m'sitolo, ndipo lachitatu ndi kugawa.

```
katundu wotuluka = woyambira + wopikula - wotsala
avareji ya sitoko = (woyambira + wotsala) / 2
kazungulidwe = katundu wotuluka / avareji ya sitoko
```

Golosale yathu ya pa Lizulu inayamba chaka, pa 1 Januwale, ili ndi katundu wa K4,000,000. M'kati mwa chaka mwini wake anapikula katundu wa K50,000,000 kuphatikizapo zonyamulira, ndipo atawerenga sitoko pa 31 Disembala anapeza katundu wa K6,000,000. Katundu yense amene anadutsa m'manja mwake ndi wa K54,000,000, ndipo tikachotsapo wotsalayo tikupeza kuti wotuluka ndi wa K48,000,000. Avareji ya sitoko ndi K4,000,000 kuphatikiza K6,000,000 kugawa pawiri, zimene zikutipatsa K5,000,000. Tikagawa K48,000,000 ndi K5,000,000 tikupeza 9.6, ndiye kuti mwa kawerengedwe aka katundu wazungulira maulendo 9.6 pa chaka.

Taonani kuti ndalama zopikulira pazokha, K50,000,000, si katundu wogulitsidwa. Mwini golosale anawonjezera sitoko ndi K2,000,000 m'chakacho, ndipo katundu wa ndalama zimenezo akadali m'shelefu.

4. Nanga masiku a sitoko ndiye chiyani?

Ndi nkhani yomweyo yonenedwa m'masiku m'malo mwa maulendo. Imatiuza kuti kwacha imene yalowa m'katundu imakhala masiku angati isanabwerere m'kabati ya ndalama.

```
masiku a sitoko = 365 / kazungulidwe
```

Pa golosale ija, 365 kugawa ndi 9.6 ndi masiku 38. Mungafikenso pa yankho lomweli mwa njira ina imene amalonda ambiri amaimva msanga: katundu wotuluka wa K48,000,000 kugawa ndi masiku 365 ndi pafupifupi K131,500 pa tsiku, ndipo sitoko ya K5,000,000 ingathe pa masiku 38 ikamachoka motero. Kazungulidwe kakakwera masiku amatsika, kakatsika masiku amakwera. Ine ndimakonda kulankhula za masiku, chifukwa masiku tingawayerekeze ndi zinthu zina zimene wamalonda amazidziwa kale, monga tsiku lobweza ngongole ya ku holoselo kapena deti lolembedwa pa paketi.

Mabuku ena amagwiritsa ntchito masiku 360 m'malo mwa 365. Kusiyana kwake n'kochepa, koma musankhe imodzi n'kumaigwiritsa ntchito chaka chilichonse.

5. Bwanji osangogwiritsa ntchito ndalama zimene ndagulitsa, popeza ndizo zili m'kope langa?

Chifukwa ndalama zogulitsa zili ndi phindu m'kati, pomwe sitoko mwaiwerenga pa mtengo wopikulira, ndipo mukagawa ziwirizi mukuyerekeza zinthu zosiyana muyezo. Golosale yathu inagulitsa K57,300,000 m'chakacho. Mukagawa ndalamazi ndi K5,000,000 mupeza 11.5 m'malo mwa 9.6, ndipo masiku atsika kuchoka pa 38 kufika pa 32. Katundu sanayende msanga ayi. Nambala yangotupa ndi phindu. Choipa kwambiri n'chakuti kutupaku sikufanana pa katundu yense, chifukwa kumakula pa katundu amene mumaikapo phindu lalikulu, amenenso nthawi zambiri ndiye woyenda pang'onopang'ono.

Ngati malisiti opikulira anatayika ndipo muli ndi ndalama zogulitsa zokha, pali njira yothawirapo: werengani sitoko nayonso pa mtengo wogulitsira, n'kugawa ndalama zogulitsa ndi avareji imeneyo. Chofunika n'chakuti nambala yapamwamba ndi yapansi zikhale pa mtengo wa mtundu umodzi.

6. Kodi avareji ya sitoko yoyambira ndi yomaliza yokha ndi yokwanira?

Kwa wamalonda wa kuno, kawirikawiri siikwanira, ndipo apa ndi pamene ambiri amanamizidwa ndi masamu olondola. Malonda a ku Dedza ndi ku Ntcheu amatsatira mlimi. Kuyambira Epulo kapena Meyi, anthu akakolola n'kugulitsa chimanga, nyemba, soya ndi mbatata, ndalama zimakhalapo ndipo wagolosale amadzaza mashelefu. Cha mu Okutobala ndi Novembala ndalama za mlimi zimapita ku feteleza ndi mbewu, kenako pamabwera malonda a Khirisimasi amene amasesa mashelefu, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya fizi ndi njala imene wamalonda wanzeru sapikula zambiri. Munthu amene amawerenga sitoko pa 31 Disembala pokha amaiwerenga pa nthawi imene sitokoyo ili yochepa, ndipo avareji yake imatsika kuposa zenizeni.

Tinene kuti mwini golosale ija ankawerenga sitoko miyezi itatu iliyonse. Pa 1 Januwale anapeza K4,000,000, kumapeto kwa Malichi K4,500,000, kumapeto kwa Juni K9,000,000, kumapeto kwa Sepitembala K8,500,000, ndipo pa 31 Disembala K6,000,000. Zisanuzi pamodzi ndi K32,000,000, ndipo kugawa pasanu ndi K6,400,000. Kazungulidwe tsopano ndi K48,000,000 kugawa ndi K6,400,000, kapena kuti 7.5, ndipo masiku ndi pafupifupi 49. Sitolo ndi yomweyo, chaka n'chomwecho, koma ndalama zikugona masiku 11 kuposa mmene tinapezera pa funso 4. Yankho lachiwirili ndilo lapafupi ndi zoona, ndipo amene angathe kuwerenga mwezi uliwonse angayandikire kwambiri. Mayankho otsatirawa agwiritsa ntchito avareji ya K6,400,000.

7. Ndingawerengere mwezi umodzi wokha?

Mungathe, bola musinthe nambala ya masiku. Tinene kuti mu Juni, mwezi wa masiku 30, katundu wotuluka anali wa K5,400,000 ndipo avareji ya sitoko inali K8,100,000. Kazungulidwe ka mweziwo ndi pafupifupi 0.67, ndipo masiku a sitoko ndi K8,100,000 kugawa ndi K5,400,000 kuchulukitsa ndi 30, zimene zikupereka masiku 45. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kutenga 365 n'kugawa ndi 0.67, ndipo munthu amadzidzimuka poona masiku oposa 500. Masiku a nyengo imene mukuwerengera ndiwo amaikidwa pamwamba.

Poyerekeza, Juni wa chaka chino ayerekezedwe ndi Juni wa chaka chatha, osati ndi Febuluwale, pa zifukwa zimene zafotokozedwa pa funso 6.

8. Kodi nambala yabwino ndi iti? Masiku 49 ndi ambiri kapena ochepa?

Palibe nambala imodzi yoyenera aliyense. Mayi wogulitsa tomato ndi kabichi pa Lizulu amawerenga masiku ake pa zala za dzanja limodzi, pomwe wa hadiweya pa boma la Dedza angasunge malata ndi penti kwa miyezi osadandaula. Funso lothandiza si lakuti 49 ndi yabwino kapena ayi, koma lakuti 49 imeneyi yapangidwa ndi katundu uti. Pofuna kuyankha, katundu agawidwe m'magulu ndipo masamu a pa funso 3 achitidwe pa gulu lililonse palokha.

Mwini golosale ija atatero anapeza izi. Shuga, mafuta ophikira, sopo ndi mchere zinali ndi avareji ya K2,000,000 ndipo zinatuluka za K36,000,000, ndiye kuti maulendo 18 kapena masiku 20. Zakumwa, mabisiketi ndi zina zotero zinali ndi avareji ya K1,400,000 ndipo zinatuluka za K8,400,000, maulendo 6 kapena masiku 61. Gulu lachitatu, la mapoto, zidebe, mbale ndi mabulangete, linali ndi avareji ya K3,000,000 koma linatulutsa katundu wa K3,600,000 yekha, maulendo 1.2 kapena masiku 304.

Apa zikuoneka kuti m'sitolomu mulibe katundu amene amakhala masiku 49. Muli katundu wokhala masabata atatu, wina miyezi iwiri, ndi wina miyezi khumi, ndipo pafupifupi theka la mpamba wonse lagona m'gulu lomalizali, limene likupereka K3,600,000 yokha mwa K48,000,000 ya katundu wotuluka. Mwini wake akadangoyang'ana nambala ya sitolo yonse akanagona tulo tabwino, chifukwa liwiro la shuga limabisa ulesi wa mapoto. N'chifukwa chake amalonda ambiri amadabwa kuti sitolo ndi yodzaza, makasitomala akubwera, koma tsiku lokapikula likafika ndalama sizikukwana.

9. Koma mapoto ali ndi phindu lalikulu kuposa shuga. Kodi zimenezi sizibwezera?

Nthawi zina zimabwezera, ndipo pali njira yodziwira. Tengani phindu limene mumaika pa mtengo wopikulira, mulichulukitse ndi maulendo a kazungulidwe, ndipo mupeza phindu limene K100 iliyonse yokhala m'shelefu imabweretsa pa chaka.

```
phindu pa K100 ya sitoko = peresenti ya phindu x kazungulidwe
```

M'golosale yathu, gulu la shuga lili ndi phindu la 15 peresenti, ndipo kuchulukitsa ndi 18 kukupereka K270 pa K100 iliyonse. Gulu la zakumwa lili ndi 25 peresenti, kuchulukitsa ndi 6, K150. Mapoto ali ndi 50 peresenti, imene imasangalatsa maso pa tsiku logulitsa, koma kuchulukitsa ndi 1.2 ndi K60 yokha. M'makwacha enieni, K2,000,000 ya m'gulu loyamba inabereka K5,400,000, pomwe K3,000,000 ya m'mapoto inabereka K1,800,000. Kuti mapoto afanane ndi shuga pa liwiro limene ali nalo, phindu lake liyenera kukhala 225 peresenti, ndipo palibe amene angagule poto pa mtengo wotero pamsika umene uli ndi ogulitsa mapoto ena.

Izi sizikutanthauza kuti ndalama zonse za mapoto zisamutsidwire ku shuga. Anthu ogula shuga ali ndi malire, ndipo mukawirikiza mabelo m'sitolo malonda osawonjezeka, kazungulidwe ka shuga kamatsika kuchoka pa 18 kufika pa 9, phindu osakwera. Chimene masamuwa akunena n'chakuti mapoto a K3,000,000 ndi ochuluka kwambiri poyerekeza ndi malonda ake. Mwini wake atasunga a K1,200,000 n'kumagulitsabe monga kale, gululi lingazungulire maulendo 3, ndipo K1,800,000 ingamasuke.

10. Ndiye kuti kazungulidwe kakakwera, zinthu zili bwino?

Osati nthawi zonse. Pali njira ziwiri zimene nambalayi imakwerera bizinesi ikudwala.

Yoyamba ndi kusowa katundu. Sitolo imene mashelefu ake amakhala opanda kanthu ili ndi avareji yaing'ono, choncho kazungulidwe kake kamaoneka kapamwamba, koma kasitomala amene wabwera pa tsiku la msika n'kuuzidwa kuti mafuta atha salembedwa m'buku lililonse. Amakagula pa sitolo ina, ndipo sopo ndi mchere amagulanso komweko. Chizindikiro chake n'chakuti masiku a sitoko akutsika koma katundu wotuluka sakukwera, ndipo maulendo opita ku Lilongwe akuchuluka pamodzi ndi ndalama zoyendera. Njira yosavuta yoyezera ndi kukhala ndi tsamba m'kope lolembapo tsiku lililonse limene katundu wofunika anatha.

Yachiwiri ndi yobisika m'masamu enieniwo. Fomula ya pa funso 3 siidziwa kusiyanitsa katundu wogulitsidwa ndi wobedwa, wowonongeka, wodyedwa ndi makoswe, kapena wotengedwa kupita kunyumba kwa mwini sitolo. Chilichonse chimene chinalowa ndipo sichinapezeke powerenga chimaoneka ngati chatuluka, n'chifukwa chake ndakhala ndikunena kuti katundu wotuluka osati wogulitsidwa. Pofuna kuona ngati pali vuto, tengani katundu wotuluka, muwonjezerepo phindu limene mumaika, muyerekeze ndi zimene zalembedwa kuti zagulitsidwa. Gulu la shuga, lotuluka K36,000,000 pa phindu la 15 peresenti, liyenera kubweretsa K41,400,000 mukaphatikiza ndalama zolandiridwa pamanja, za pa foni ndi zimene anthu anatenga pa ngongole. Kope likasonyeza K39,900,000, ndiye kuti K1,500,000 yapita kwina. Shuga wa panyumba alembedwe m'kope pa mtengo wopikulira ndipo achotsedwe pa katundu wotuluka, ngakhale sitolo ndi yanu.

11. Kodi masiku a sitoko angandiuze tsiku lokapikula?

Masiku a pa funso 4 amayang'ana m'mbuyo ndipo ndi a chaka chonse, choncho sangakuuzeni za mawa. Pa zimenezo pamafunika m'bale wake, amene amawerengedwa pa chinthu chimodzichimodzi ndiponso m'mabelo kapena m'makatoni, osati m'makwacha.

```
masiku otsala = katundu amene alipo lero / amene amatuluka pa tsiku
```

Ngati m'masabata anayi apitawa mwagulitsa mabelo 84 a shuga, ndiye kuti amatuluka mabelo 3 pa tsiku, ndipo mabelo 24 amene alipo lero akwanira masiku 8. Tsopano muwerenge masiku amene amadutsa kuchokera pamene mwaganiza zokapikula kufikira katundu atatsitsidwa pakhomo. Tinene kuti ndi atatu, ndipo muwonjezerepo awiri odzitetezera pa zinthu monga galimoto kuwonongeka, mafuta kusowa kapena holoselo kukhala ilibe shuga. Masiku asanu kuchulukitsa ndi mabelo 3 ndi mabelo 15, ndipo shuga akafika pamenepo ndi nthawi yoitanitsa wina.

Wamalonda wa pa msika wa masiku achenjere ndi avareji ya pa tsiku. Ngati theka la malonda a sabata limachitika pa masiku a msika, mabelo 24 angathe msanga kapena mochedwa malinga ndi mmene masikuwo agwera m'kati mwa masiku 8 aja.

Fomula yomweyi imathandiza pa katundu wokhala ndi deti. Mapaketi 60 amene atsala ndi masiku 45 kuti athe ntchito, pomwe pamatuluka paketi imodzi pa tsiku, ndi katundu wa masiku 60, ndipo mapaketi 15 adzatayidwa mukapanda kutsitsa mtengo panopa.

12. Mitengo ikukwera pafupipafupi. Kodi zimenezi sizisokoneza masamuwa?

Zimasokoneza, makamaka mitengo ikalumpha kamodzin'kamodzi monga zinachitikira mu Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti. Tiyerekeze wamalonda amene amasunga makatoni 100 a sopo nthawi zonse ndipo amagulitsa 1,000 pa chaka, ndiye kuti kazungulidwe kake kenikeni ndi 10. Katoni inali K20,000 pafupifupi chaka chonse, n'kukwera kufika K30,000 chakumapeto, moti makatoni 900 anatuluka pa mtengo wakale ndipo 100 pa watsopano. Katundu wotuluka ndi wa K21,000,000. Sitoko yoyambira ndi K2,000,000, yomaliza K3,000,000, avareji K2,500,000, ndipo kazungulidwe kakuoneka ngati 8.4. Munthuyu angaganize kuti sopo wayamba kuchedwa, chonsecho palibe chimene chasintha koma mtengo.

Mankhwala ake ndi awiri. Pa katundu wofunika kwambiri, werengani m'makatoni ndi m'mabelo, chifukwa katoni siikwera mtengo m'masamu. Pa sitolo yonse, pamene simungaphatikize mabelo ndi zidebe, werengani sitoko pafupipafupi monga tanenera pa funso 6, kuti mtengo watsopano ungokhudza miyezi imene unalipodi. Powerenga katundu wotsala, njira yodziwika ndi kuganiza kuti woyamba kulowa ndiye woyamba kutuluka, choncho wotsala amawerengedwa pa mitengo ya m'malisiti aposachedwa. Njira ina ndi kugwiritsa ntchito avareji ya mitengo yopikulira. Zonse ziwiri n'zololedwa, koma kusinthasintha njira chaka ndi chaka kumachititsa kuti zaka zisayerekezeke.

13. Nanga ndikapikula zambiri dala pothawa kukwera kwa mitengo, ndalakwa?

Masiku a sitoko adzakwera, koma kukwera kumeneko si kulakwa ngati mwawerengera. Funso ndi lakuti kusunga katunduyo kukudyerani ndalama zingati. Tinene kuti mwapikula mafuta ophikira a miyezi itatu yowonjezera ndi ndalama za ngongole ya chiwongoladzanja cha 4 peresenti pa mwezi, ndipo simubweza kufikira miyezi itatuyo itatha. Chiwongoladzanja chokha ndi pafupifupi 12 peresenti, ndipo pamwamba pake pali katundu wowonongeka ndi wosowa. Mtengo ukakwera ndi 20 peresenti mwapindula, ukakwera ndi 8 peresenti mwaluza ngakhale kuti mumtima mukumva ngati munachenjera. Ngati ndalamazo ndi zanu osati za ngongole, funsani zimene zikanabereka mu katundu wina, monga tawerengera pa funso 9.

Kupikuliratu kotere kuyenera katundu woyenda msanga ndi wosawonongeka. Kuwonjezera mabulangete pa sitolo imene ili kale ndi a miyezi khumi, kungoti amveka kuti akwera mtengo, ndi kukwirira mpamba.

14. Masiku a sitoko akugwirizana bwanji ndi ngongole ya ku holoselo?

Yerekezani masiku amene mwapatsidwa kuti mulipire ndi masiku a gulu la katundu amene mwatenga. Holoselo ikakupatsani masiku 14 pa katundu wa gulu la shuga, amene amakhala masiku 20, tsiku lolipira lidzafika mutagulitsa mbali yaikulu, ndipo mpamba wanu ungodzaza mpata wa masiku 6. Mukatenga mapoto pa masiku 14 omwewo, mpata wake ndi masiku 290, ndipo ngongoleyo idzalipiridwa ndi ndalama za shuga. Sabata yotsatira shuga ndiye amene amapikulidwa wochepa.

Ngati mumagulitsanso pa ngongole kwa aphunzitsi ndi ena olandira kumapeto kwa mwezi, masiku amene amatenga kuti alipire awonjezedwe pa masiku a sitoko. Katundu wotengedwa pa ngongole watuluka m'shelefu ndipo amakweza kazungulidwe, koma ndalama yake siinafike m'kabati.

15. Katundu amene wakhala chaka osayenda ndimuwerenge bwanji?

Lamulo la owerengera ndalama ndi lakuti katundu amalembedwa pa mtengo wopikulira kapena pa ndalama zimene angabweretse atagulitsidwa lero, potengera chimene chili chochepa pa ziwirizi. Zidebe zimene munapikula K400,000 koma zasuluka ndi dzuwa moti zingabweretse K150,000 zilembedwe K150,000, ndipo katundu wotha deti alembedwe ziro n'kuchotsedwa m'shelefu.

Dziwani kuti mukatero kazungulidwe kadzaoneka ngati kakwera, chifukwa sitoko yotsala yatsika ndi K250,000 ndipo mwa fomula ya pa funso 3 katundu wotuluka wakwera ndi ndalama zomwezo. Kukwera kumeneku si malonda, choncho lembani ndalamazo pa mzere wakewake kuti chaka chamawa musadzasokonezeke poyerekeza.

Pofuna kudziwa katundu wotere asanafike pamenepo, lembani mwezi ndi chaka cholowera pa katoni iliyonse ndi cholembera chosafufutika, ndipo pa tsiku lowerenga sitoko muike padera chilichonse chimene chakhala kuwirikiza kawiri masiku a gulu lake. M'golosale ya pa Lizulu ija, zimenezi zikutanthauza sopo amene wapitirira masiku 40 ndi mabisiketi amene apitirira miyezi inayi. Pa mapoto ndi mabulangete muyezo umenewu sungathandize, popeza masiku 304 ndi ochuluka kale, ndipo kumeneko ndi bwino kuika malire a nyengo: bulangete limene ladutsa Juni ndi Julayi wa ku Dedza osagulidwa litsitsidwe mtengo mu Ogasiti, alimi akadali ndi ndalama za zokolola.